Mapilo achita chikasu, ndachapa awiri aundana ndipo akununkha

NyaGondwe, Katoto: Akuluakulu ndithandizeni. Pa loji pathu pali mapilo 12 a faiba amene achita chikasu pakati, pogona mutu paja. Lolemba ndinayesa awiri: ndinawaviika m'Jiki usiku wonse, ndachapa ndi sopo wa ufa, ndafinya n'kuwapachika pa chingwe. Chikasu chawonjezeka m'malo mochoka, faiba waunjikana pansi wachita mibulu, ndipo lero Lachinayi akununkha ngati thaulo loiwalika m'ndowa. Makina tilibe, timachapa pamanja. Otsala 10 aja ndiwatani?

Chimwemwe wa ku Luwinga: Asisi, Jiki anachepa ameneyo. Onjezani, muthire madzi owira.

Bambo Phiri, ochapa ku Chibavi: Ayi achimwene, Jikiyo ndi amene wawonjezera chikasu. Dontho la pa pilo si dothi wamba. Ndi thukuta, dovu la kutulo, ndi mafuta a m'mutu amene alowa m'nsalu n'kukhalitsa. Klorini wa m'Jiki akakumana ndi zotuluka m'thupi zoterezi amazisandutsa zachikasu kwambiri, ndipo mafutawo sawasungunula. Madzi owiranso ayi: faiba akapsa amakwinyika n'kumatirirana, ndipo mibulu yobwera ndi kutentha simasuka.

Mayi NyaGondwe, musanaviike pilo aliyense muyezeni pa sikelo ali wouma, mulembe kulemera kwake. Sikelo yopachika ya pa msika ija ikwana. Mudzaona ntchito yake poyanika.

Yambani ndi dontho lenilenilo pilo ali wouma. Pakanipo sopo wamadzi wotsukira mbale, supuni yaing'ono imodzi mbali iliyonse, chifukwa ameneyu ndiye amadula mafuta. Kwechani pang'onopang'ono ndi burashi yofewa, musiye mphindi 15. Kenako konzani madzi ofunda m'bafa lalikulu: ndowa imodzi ya owira, ziwiri za ozizira. Ndi kuzizira kwa madzi a pa mpopi mwezi uno wa Juni, zimenezi zikupatsani madigiri 45 kapena kuchepera pang'ono, oti dzanja likupirira. Muthiremo ufa wochotsa madontho umene pa paketi alemba kuti ndi wa okosijeni, wopanda klorini, supuni zazikulu zinayi pa malita 15. Usungunuke kaye musanaikemo pilo. Mumizeni, mumusindikize ndi mbale yolemera kuti asayandame, akhale maola atatu kapena anayi. Ufawu m'madzi ozizira sugwira bwino, choncho vundikirani bafalo ndi thaulo kuti kutentha kusathe msanga.

Sopo wa ufa ndi supuni imodzi yokha pa pilo mmodzi. Ndikudziwa kuti dzanja limafuna kuwonjezera, koma sopo aliyense amene mwalowetsa m'katimo muyenera kumutulutsanso.

Amake Tadala: Ufa wa okosijeniwo ukasowa m'mashopu, ku famase kuli haidrojeni perokosaidi. Wa 3 peresenti mupaka pa dontho mmene alili, akakhala wa 6 peresenti musakanize theka ndi theka ndi madzi. Mphindi 30, kenako kuchapa. Ine ndimaonanso soda wophikira ndi viniga pamodzi zikuthandiza, zimachita thovu kwambiri.

Bambo Phiri: Za perokosaidi mwanena zoona mayi. Koma soda ndi viniga zikasakanikirana zimaphana mphamvu, thovu lija likatha chotsala ndi madzi a kamchere basi. Chilichonse pachokha chili ndi ntchito: soda poviika, viniga theka la kapu m'madzi omaliza otsukuluza. Ndipo viniga asakumane ndi Jiki m'bafa limodzi, mpweya wotulukapo ndi woopsa pachifuwa, makamaka m'kachipinda kochapira kotseka.

Telala wa ku Chiputula: Zonse mwanenazi ndi zabwino, koma kuno ndi ku Mzuzu, si ku Karonga kapena ku Nkhata Bay. M'mawa nkhungu, masana kamvula kowaza, dzuwa likatuluka ndi la maola atatu. Pilo wathunthu wonyowa mpaka pakati aume liti? Njira yanga ndi iyi. Masulani msoko wa mbali yaifupi, kutalika kwa chikhatho chimodzi ndi theka. Tulutsani faiba yense. Muona nokha kuti chikasu chambiri chili pa nsalu ndi pa faiba wapamwamba, wam'kati nthawi zambiri ndi woyera. Nsaluyo muichape payokha mmene afotokozera a Phiri, mutha kuikwecha mmene mungafunire, iuma tsiku lomwelo. Faiba wachikasuyo mumuike m'thumba la mabowo ngati la anyezi lija, lochapa bwino, mumuviike momwemo. Poyanika mumumwaze pa nsalu, asapitirire zala zitatu kukhuthala, mumuvundikire ndi neti yakale yong'ambika kuti mphepo isamutenge. Akauma mumumasule ndi zala mpaka afufume, mubwezeremo kuyambira m'makona, msoko mutseke ndi singano ya pamanja. Mphindi 10 pa pilo.

Bambo Phiri: Njira ya atelala imagwira, koma si pa pilo aliyense. Pali ena amene faiba wake ndi chinsalu chimodzi chokhuthala chokulungidwa ngati mphasa. Ameneyo mukamuzula sabwereranso mmene analili, pilo amakhala ndi mapiri ndi zigwa. Papasani kaye: mukamva kuti zam'kati zikusuntha momasuka ngati thonje, masulani. Mukamva chinthu chimodzi chogwirana, chapani wathunthu.

Ndipo wathunthuyo amauma ndithu ngati madzi mwawachotsa pamanja musanamupereke ku dzuwa. Apa ndi pamene panalakwika pa awiri aja. Kufinya kopotokola kumakoka faiba n'kumumanga mfundo, ndipo kupachika pa chingwe kumatsitsa madzi onse pansi, faiba n'kutsikira komweko.

Pochapa muzimukanikiza ndi zikhatho ngati mukukanda ufa wa mandasi, osapotokola. Kutsukuluza ndi katatu kapena kanayi, madzi atsopano nthawi iliyonse. Mudziwa kuti zakwana mukakanikiza pakati n'kuona madzi oyera opanda thovu, zala zosaterera. Sopo wotsalira amamata faiba komanso amasunga chinyezi, ndiye fungo limayambira pomwepo.

Mukatsukuluza mugonekeni pa simenti yoyera kapena pa thabwa lopendekeka, mukanikize kuchokera pakati kupita m'mbali. Kenako mumuike pakati pa mathaulo awiri ouma n'kupondaponda ndi mapazi osamba. Mathaulo akanyowa sinthani, kawiri kapena katatu. Tinene kuti pilo wouma analemera magalamu 700. Potuluka m'bafa atha kupitirira makilogalamu awiri. Musamuyanike mpaka mutamutsitsa kufika cha ku 1,100. Apo ndiye kuti madzi otsala ndi magalamu 400, osakwana theka la lita, ndipo amenewo mphepo itha kuwachotsa pa tsiku limodzi ndi theka.

NyaGondwe: Nanga ndiyanike pati poti chingwe mwakana?

Bambo Phiri: Chogona, pamalo poti mphepo idutse pansi ndi pamwamba. Thandala la mbale lotsuka bwino, waya wa mabowo woyala pa mipando iwiri, kapena zingwe zitatu zoyandikana kuti pilo agone pamwamba pake. Pa udzu kapena pa malata ayi, mbali yapansi imachita thukuta. Ola lililonse mutembenuzeni, mumugwire m'makona awiri n'kumukutumula, mumuwombe m'mbali ndi manja. Mibulu imamasuka mosavuta ikadali ya chinyezi, muziitsina ndi zala kudzera pa nsalu. Ikauma ili choncho yauma choncho.

Chapani 6 koloko m'mawa kuti dzuwa lonse likhale lanu, ndipo muziviika awiri kapena atatu pa tsiku, osati onse 10. Ikamakwana 4 koloko alowetseni, mame a kuno amabweza zonse zimene dzuwa lachita. Usiku aimikeni pa waya womwewo kutsogolo kwa fani. Mphepo yoyenda imaumitsa kuposa chipinda chofunda chotseka. Pilo akakhala wonyowa m'kati kupitirira masiku awiri, fungo layamba kale.

Chimwemwe: Magetsi akazima fani palibe. Mbaula bwanji? Kwathu matewera timaumitsa choncho.

Amake Tadala: Utsi wa makala umalowa mu faiba, mlendo adzagonera fungo la kukhitchini. Kamoto kamodzi kakathethekera ndi bowo, ndipo mbaula m'chipinda chotseka usiku ikupha anthu chaka ndi chaka nyengo yozizira ino. Bola pa khonde podutsa mphepo.

Mnyamata wa pa makina, m'tauni: Kwa amene ali ndi makina: awiri nthawi imodzi kuti ng'oma isagwedezeke, madigiri 40, kutsukuluza kowonjezera, ndipo kupota komaliza kuja mubwereze kawiri. Kumachotsa madzi kuposa mathaulo. M'makina oumitsira ikani moto wochepa ndi mipira ya tenisi iwiri yovekedwa masokosi. Mayi NyaGondwe mutha kuchapa pamanja n'kupita nawo kwa amene ali ndi makina kukapotetsa kokha.

Gogo wa ku Masasa: Ana anga, wanga ndi wa usufu, wina wa siponji yoduladula. Nawonso ndiwaviike choncho?

Telala wa ku Chiputula: Ayi agogo. Usufu ndi thonje zikanyowa zimagwirana ngati chigumu, sizifufumanso. Tulutsani zam'katizo muziyanike pa dzuwa zili zouma, muchape nsalu yokha. Siponji yoduladula imachapika m'thumba ndi kasopo pang'ono, koma imamwa madzi kwambiri, ndiye yanikani pa mthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu ndi Jiki zimaifumbutsa.

NyaGondwe: Ndidziwa bwanji kuti m'kati mwauma? Aja kunja ankaoneka ouma Lachiwiri lomwe.

Bambo Phiri: Nsalu imanama, imauma msanga. Bwererani ku sikelo: ngati analemera 700 ndipo akuonetsa 780, muli madzi supuni zazikulu zisanu m'katimo. Akuyenera kufika pa 700 kapena kutsikirapo pang'ono, poti litsiro lachoka. Njira ina, mumuike m'pepala la pulasitiki loonekera, mumange, muike pa dzuwa theka la ola. Mukaona timadontho m'kati mwa pepalalo, abwerere pa waya. Mulowetsenso chibakera pakati penipeni n'kudikira pang'ono: pakamveka pozizira kuposa m'mbali, sanaume. Pilokesi musamuveke kapena kumuika m'kabati asanapambane mayeso amenewa.

NyaGondwe: Awiri onunkha aja ndiwataye?

Telala wa ku Chiputula: Atsegulidwe kaye. Faiba akakhala woyera, achapidwenso m'thumba ndi ufa wa okosijeni uja, fungo lichoka. Mukapeza timadontho takuda kapena totuwa, ndi chuku chimenecho, faibayo atayidwe tiikemo watsopano.

Bambo Phiri: Ine pilo wa alendo amene wanunkhapo masiku atatu sindimubwezera pa bedi, ngakhale aoneke woyera. Fungo limatha kubwerera mutu ukamufunditsa usiku. Nsalu yakenso inadya Jiki usiku wonse, chikasu chimenecho mwina sichichokanso.

Telala wa ku Chiputula: Nsalu ndi mita imodzi yokha madala, tisoka ina. Mayi NyaGondwe tsegulani mmodzi mutiuze mtundu wa faiba wam'katimo.