Ndemanga yasowa pansi pa vidiyo yanga, koma mwini wake akuti akuiona

Mayi Mwale: Anzanga, ndithandizeni chifukwa nkhaniyi yandidyera nthawi. Dzulo ndinalandira imelo yondidziwitsa kuti munthu wina walemba funso lalitali pansi pa vidiyo yanga ya YouTube, koma pamene ndimati ndimuyankhe, ndemangayo sindinaipeze pansi pa vidiyo ngakhalenso mu YouTube Studio pa tabu ya Published. Munthuyo wandilembera uthenga wodandaula kuti ndikumunyalanyaza, ndipo akunenetsa kuti iye akuiona bwinobwino pa foni yake. Ine sindinafufute chilichonse. Kodi ndingadziwe bwanji ngati yagwidwa kuti iunikidwe, yabisidwa, kapena yafufutidwa? Tchanelochi timayendetsa anthu awiri, ndipo mnzangayo sakuyankha foni.

Bambo Phiri: Mayi, musavutike. Munthuyo anafufuta yekha ndemangayo, ndipo tsopano akuchita manyazi kuvomera. Imelo imatsala ngakhale ndemanga itafufutidwa, choncho imeloyo sikutanthauza kuti ndemangayo ilipobe.

Mayi Gondwe: Zoti imelo imatsala n'zoona, Bambo Phiri, koma tisathamangire kugamula. Mayi Mwale, choyamba yang'anani pamwamba pa mndandanda wa Published, chifukwa nthawi zambiri Studio imatsegula itaika kale sefa yoonetsa ndemanga zokhazo zimene simunayankhe. Ngati mnzanuyo anayankha kale, ndemangayo sioneka mpaka mutachotsa sefayo. Pansi pa vidiyo penipeni sinthaninso kasanjidwe kuchoka pa Top kupita pa Newest, popeza Top sionetsa ndemanga zonse. Zimenezi zikalephera, tsegulani tabu ya Held for review, ndipo muchite zimenezi pa kompyuta kuti muone zonse bwinobwino.

Mayi Mwale: Sefa ndachotsa, Newest ndayesa, ndipo palibe chasintha. Mu Held for review muli ndemanga zambiri za anthu otsatsa malonda, koma ya munthu ameneyu sindikuionamo.

Bambo Chirwa: Inenso zinandichitikira chaka chatha, ndemanga zonse zinazimiririka pa vidiyo imodzi usiku umodzi. Nditafufuza ndinapeza kuti amene ankandithandiza kukweza mavidiyo anaichonga kuti ndi Made for kids, ndipo vidiyo yotero siloleza ndemanga. Onani pamenepo, mwina ndi zomwezo.

Mayi Gondwe: Vuto lanu linali lina, Bambo Chirwa. Kwa inu gawo lonse la ndemanga linatsekedwa, pamene kwa Mayi Mwale ndemanga za anthu ena zikuoneka ndipo yasowa ndi imodzi yokha.

Bambo Phiri: Mu Published mulibe, mu Held mulibe. Ndiye yatsala kuti? Ndanena kale kuti anafufuta yekha.

Mayi Gondwe: Patsala malo ena amene simunawatchule. Chimene chikundikayikitsa ndi mawu a munthuyo akuti iye akuionabe. Ndemanga yofufutidwa imasowa kwa aliyense, ngakhale kwa mwini wake akangotsegulanso tsambalo. Koma munthu akabisidwa pa tchanelo ndi Hide user from channel, iye sauzidwa kanthu, amapitiriza kulemba ndi kuona zimene walemba, pamene ena onse sakuona kalikonse, ndipo ndemanga zake sizibwera mu Held kuti muzivomereze. Pitani ku Settings, mutsegule gawo la Community, ndipo muyang'ane pa Hidden users ngati dzina lake lilipo. Popeza imelo munalandira, n'kutheka kuti ndemangayo inatuluka bwinobwino poyamba, kenako wina anamubisa pambuyo pake. Batani lobisira munthu limakhala pa menyu imodzimodzi ndi lofufutira ndemanga, ndipo pa foni chala chimaphonya mosavuta.

Palinso njira yoyesera pogwiritsa ntchito imelo yomweyo. Linki yopita ku ndemanga imakhala ndi chidutswa chotere kumapeto kwake:

```
watch?v=...&lc=...
```

Itseguleni pa windo la Incognito, musanalowe mu akaunti iliyonse. Ngati ndemangayo ikuoneka kwa anthu onse, idzakhala pamwamba pa zinzake ndi mawu akuti Highlighted comment. Ikapanda kutero ndiye kuti anthu sakuiona, ngakhale kuti zimenezi pazokha sizikuuzani chifukwa chake.

Bambo Kumwenda: Ndiwonjezere chenjezo pa zimenezi. Musadalire mawu a munthuyo okha, chifukwa foni imatha kusunga tsamba lakale, ndipo munthu amaona ndemanga imene inachoka kalekale. Mumupemphe atseke pulogalamuyo, aitsegulenso, kenako aone mbiri ya ndemanga zake mu History ya akaunti yake n'kukutumizirani chithunzi. Ngati ndemangayo mulibe m'mbirimo, ndiye kuti inachotsedwa, kaya ndi iye mwini kapena chifukwa chophwanya malamulo a YouTube. Ngati ilimo, musafulumire kunena kuti zonse zili bwino, chifukwa kukhalamo kwake sikutanthauza kuti anthu ena akuiona.

Chinanso, musavomereze kapena kufufuta za mu Held zonse nthawi imodzi pofuna kuyeretsa mndandanda. Pa tchanelo china chimene ndinkathandizira, wina anaika mawu wamba pa Blocked words pofuna kuthana ndi otsatsa malonda, ndipo mafunso enieni a oonera anayamba kugwidwa pamodzi ndi zinyalalazo. Wantchito watsopano anachonga zonse n'kuzifufuta. Palibe malo amene ndemanga zofufutidwa zimakasungidwa kuti muzibweze, ndipo ndemanga ikachoka, mayankho onse amene anali pansi pake amachokanso. Kumbukiraninso kuti za mu Held zimasungidwa kwa masiku osapitirira 60, choncho amene amatsegula tabuyo mwa apo ndi apo amataya zina osadziwa.

Mayi Mwale: Mwandikumbutsa kanthu, Bambo Kumwenda. M'ndemangayo munali linki, chifukwa munthuyo ankandionetsa chipangizo chimene akufuna kugula, ndipo Block links ndi yoyatsa pa tchanelo chathu.

Bambo Kumwenda: Ndemanga yokhala ndi linki ikanayenera kugwera mu Held m'malo mofufutidwa. Ngati simukuipeza, mwina mnzanuyo analowamo inu musanalowe n'kuichotsa poganiza kuti ndi yotsatsa malonda, kapena inangobisika pakati pa zambirizo. Gwiritsani ntchito bokosi la sefa, mufufuze ndi mawu amodzi ochokera mu imelo ija m'malo moyang'ana ndi maso.

Bambo Phiri: Inu mukuzungulira kutali. Munthu akaika linki n'kuona kuti walakwitsa, amafufuta. Ndakhala ndikuziona zimenezi kuyambira kale.

Mayi Gondwe: Zimatheka, Bambo Phiri, koma umboni wake tilibe, ndipo Studio siuza mwini tchanelo kuti wafufuta ndemanga ndi ndani. Mayi Mwale, mukapeza dzina lake pa Hidden users, musalichotse musanafunse mnzanuyo chifukwa chimene anamubisira, popeza n'kutheka kuti munthuyo analemba zachipongwe pa vidiyo ina imene inu simunaione. Musamuuzenso kuti alembenso ndemangayo mobwerezabwereza ndi linki yomweyo, chifukwa kubwereza mawu amodzimodzi n'kumene kumachititsa kuti makina amuyese wotsatsa malonda.

Bambo Chirwa: Nanga munthu ukamuchotsa pa Hidden users, ndemanga zake zakale zimabwerera? Ine ndinachotsapo wina koma sindinaone zakale zikubwera.

Bambo Kumwenda: Kwa ine zatsopano zinayamba kuoneka, koma zakalezo sindinazitsatire. Kodi munayang'ana tsiku lomwelo kapena patapita masiku, ndipo munali mutasintha kasanjidwe kupita pa Newest?