Thukuta pokwera Zomba: ndivule liti juzi?

Abale okwera mapiri, ndithandizeni. Mwezi wa Juni ndinakwera phiri la Zomba kudzera njira ya Potato Path. Ndinanyamuka 6 koloko m'mawa kukuzizira, nditavala malaya a thonje, juzi ndi jekete. Pasanathe mphindi 20 msana unali utanyowa kale, makamaka pomwe pamagona chikwama. Ndinatsegula zipi, koma ndinachedwa. Titakhala pansi pamwamba kuti tidye nthochi, kamphepo kanawomba, malaya onyowa aja anazizira ngati madzi a mu Mulunguzi, mpaka mano kugwedera.

Kodi ndi bwino kunyamuka ndikumvako kuzizira pang'ono, juzi ili m'chikwama? Nanga popuma, ndivale jekete msangamsanga thupi lisanazizire, kapena ndiyambe ndasintha malaya onyowawo? Enanu mumavala chiyani mkati m'malo mwa thonje?