Zithunzi za madiresi anga zili pa peji ya telala wina

Nabanda, Zingwangwa: Atelala anzanga, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wanga wanditumizira peji ya telala wina wa ku Limbe. Paikidwa zithunzi za madiresi a chinkhoswe omwe ndinasoka ine, dzina langa lomwe linali pakona analidula. Mawu omwe ndinalemba pansi pake awakopera onse, angosintha nambala ndi mtengo. Ine ndimasoka pa K45,000, iwo alemba K30,000. Pano kasitomala akuti ndimamudyera. Ndimuyalutse pa Facebook?

Chikondi, Ndirande: Asisi sinthani pasiwedi msanga, akulowerani mu akaunti amenewo.

Nabanda: Ayi achimwene, akaunti ili bwinobwino. Angotsitsa zithunzi basi.

Mayi Gondwe, Chilomoni: Muyalutseni! Tipatseni linki tonse timuchite lipoti. Ndipo kusoka sitayilo ya mnzako ndi mlandu, pitani ku COSOMA, bungwe loona za kopelaiti.

Bambo Kachingwe, Limbe: A Nabanda, musalembe kanthu kaye, ngakhale kwa iyeyo. Akangodziwa kuti mwaona afufuta, inu mutsala opanda umboni. Jambulani sikirini yoonetsa dzina la peji, tsiku, chithunzi ndi mawuwo, ndipo musunge linki ya positi iliyonse payokha. Kenaka pezani zithunzi zenizeni mu foni yomwe munajambulira, osati zomwe zinadutsa pa WhatsApp, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi n'kuchotsa tsiku lomwe chinajambulidwa. Chanucho n'chathunthu, kona ija ilipo, chawocho n'chodula. Umboni woposa pamenepo palibe.

Mayi Gondwe, pa sitayilo paja sindikugwirizana nanu. Lamulo la kopelaiti la 2016 limateteza chithunzi chomwe munthu wajambula, koma siliteteza ganizo. Diresi ya chitenje ya manja otukumuka aliyense akhoza kusoka, ndipo tinene zoona, tonse timasokera pa zithunzi zomwe makasitomala amabwera nazo. A Nabanda, mawu omwe anakopera aja nawonso ngovuta. Ngati ali oti "diresi yokongola, imbani foni", palibe angakumvereni. Nkhondo yanu ikhale pa zithunzi.

Mayi Gondwe: Chabwino, koma lipoti la anthu ambiri limagwira. Ine ndinaonapo peji itatsekedwa.

Bambo Kachingwe: Mwina inali ndi milandu ina. Dandaulo la kopelaiti amafuna lichokere kwa mwini chithunzi kapena womuimira, osati gulu. A Nabanda, mu Help Center ya Facebook fufuzani Copyright Report Form. Mulembamo dzina lanu ndi imelo, linki ya positi yakubayo, ndi linki ya positi yanu yoyamba. Dziwiranitu kuti dzina ndi imelo yanu amazipereka kwa munthu yemwe mwamudandaulayo, ndiye ikani imelo ya bizinesi. Akaona kuti n'zoona amachotsa positiyo, ndipo peji yobwerezabwereza khalidweli akhoza kuitseka.

Koma musanafike kumeneko mulembereni mwaulemu ku inibokosi. Muuzeni kuti zithunzi izi ndi zanga, zoyambirira ndili nazo, chonde muzichotse pofika Lachisanu, apo ayi ndikadandaula. Ambiri amachotsa tsiku lomwelo. Nthawi zina amayendetsa pejiyo ndi mwana wa pakhomo, mwiniwake sakudziwa n'komwe.

Esnart, Bangwe: Ine zanga zinafika poipa. Munthu anatenga zithunzi zanga n'kumalandira dipoziti pa Airtel Money, osasoka kanthu. Mayi wina anafika pa shopu panga akulira. Onani kaye ngati wa ku Limbeyo ali ndi shopu yeniyeni. Ngati akudyera anthu ndalama, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, ndipo makasitomala anu achenjezeni lero lomwe. Chichokereni apo dzina langa ndimalemba mozimiririka pakati pa diresi penipeni, ndipo ndimajambula kavidiyo ndikusoka nkhope yanga ikuoneka.

Nabanda: Shopu ali nayo, ndafunsa. Koma pali vuto. Zithunzi ziwiri ndinajambula ndekha, zinazo anajambula wojambula wa pa chinkhoswe, mkwatibwi n'kunditumizira.

Bambo Kachingwe: Ndiye dandaulani pa ziwiri zanuzo zokha. Fomu ija imafuna mutsimikize kuti chithunzi ndi chanu, ndipo kusoka diresi sikukupangani kukhala mwini chithunzi chake. Zinazo muimbireni wojambulayo adandaule yekha, kapena akulembereni chilolezo chomuimira.

Mayi Gondwe: Ine ndikuonabe kuti anthu adziwe. Mukachita mwakachetechete, mawa abera wina.

Esnart: Amayi, kumutchula dzina pagulu ndi kumuitanira makasitomala, poti mtengo wake ndi wotsika. Ingoikani zithunzi zathunthu pa peji yanu, mulembe kuti zinasokedwa ku Zingwangwa ndipo nambala yanu ndi imodzi yokha.

Nabanda: Umboni ndasunga, uthenga ndatumiza, wawerenga koma sanayankhe. Tidikire Lachisanu. Kasitomala uja ndamuitana abwere adzaone laining'i ndi misoko yamkati, afananize yekha. A Kachingwe, wojambulayo akakana kudandaula nditani?