Masewera a masamu a pamtima asanayambe phunziro, Sitandade 2

Moni aphunzitsi anzanga nonse. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 kuno ku Mangochi, chakufupi ndi nyanja, ndipo ndikufuna nzeru zanu.

Tsiku lililonse ndimatenga mphindi 5 zoyambirira kuchita masewera a masamu a pamtima. Vuto ndi lakuti ana anga amaloweza mawu okha, koma nambala sakuyiona. Amaimba kuyambira 1 mpaka 50 bwinobwino, koma ndikafunsa kuti 8 kuphatikiza 5 ndi zingati, amabwerera pa 1 n'kumawerenga zala. Zala zikatha amakodwa, ena amangoti 10.

Ndinayesa kuwomba m'manja powerenga awiriawiri, koma inangosanduka nyimbo. Ndikati tiyambire pa 14, zii. Kenako ndinayesa masewera opanga 10: ine ndikati 7, iwo ayankhe 3. Apa ochenjera ochepa akutsogolo ndi amene amakuwa, enawo amangotsatira mawu. Zitsekerero za mabotolo zinathandizako, chifukwa mwana amaona kuti 8 ikusowa 2 kuti ikwane 10, ndipo pa 5 paja patsala 3, ndiye 13. Koma kugawa ndi kutolera kumadya nthawi yonse, poti kalasi ndi yodzaza ndipo timakhala pansi. Komanso ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, moti ndikatalikitsa malangizo amasochera.

Chodabwitsa, ana omwewa akamathandiza makolo kugulitsa milu ya usipa sasokoneza chenji!

Kodi ndi masewera ati opanda zipangizo amene amathandiza mwana kupitiriza kuwerenga kuchokera pa nambala yaikulu, osabwerera pa 1? Nanga mumatani kuti aliyense ayankhe yekha, kuti ndidziwe amene akungotsatira anzake?