Positala ndalakwitsa tsiku, malo akadalipo 7: ndilembe bwanji kuti anthu afulumire?

Wophunzitsa kuphika:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kalasi yophunzitsa kuphika buledi Loweruka la sabata yamawa, pa 14 Juni. Malo alipo 12 basi, chifukwa mauvuni ndi awiri ndipo matebulo ndi 6, anthu awiriawiri pa tebulo. Lero ndi Lachinayi pa 5, ndipo amene alipira ndi 5 okha. Ena 4 akungoti "tibwera", koma ndalama zii.

Vuto lachiwiri ndadzipalira ndekha. Ndinatenga positala ya chaka chatha n'kungosintha chithunzi, ndiye ikunena kuti Loweruka pa 15 Juni, pamene chaka chino pa 15 ndi Lamlungu. Yayenda kale masiku atatu m'magulu a WhatsApp. Ndazindikira dzulo usiku mayi wina atandifunsa kuti abwere Loweruka kapena pa 15. Ndiyambire pati?

Wotsatsa malonda pa intaneti:
Amayi, za tsikuzo ingokonzani n'kutumiza ina, palibe nkhani. Chofunika n'chakuti anthu atekeseke. Lembani "MALO ATSALA AWIRI OKHA, KULEMBETSA KUTHA MAWA". Munthu akaona kuti malo alipo ambiri amati ndilipira kumapeto kwa mwezi, basi n'kuiwala. Ine ndimapanga zimenezi ndipo foni siyikhala chete.

Wosindikiza mapositala:
Achimwene, pamene mwanena zoona ndi poti munthu sayenda ngati palibe chomuthamangitsa. Koma amayiwa chowathamangitsa anthu ali nacho kale, safunika kupeka china. Ndibwerapo pa zimenezo. Tiyambe ndi tsikulo, chifukwa si nkhani yaing'ono monga mwanenera.

Amayi, cholakwa chanucho ndimachiona pafupifupi mwezi uliwonse kuno kuntchito. Chaka chili ndi masiku 365, omwe ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lapadera, choncho deti lomwelo limasunthira kutsogolo ndi tsiku limodzi chaka chilichonse, ndipo limasuntha masiku awiri pakadutsa 29 Febuluwale. Positala yakale ikangosinthidwa chithunzi, tsiku ndi deti sizingagwirizane. Ine ndisanasindikize chilichonse ndimatsegula kalendala n'kuloza ndi chala.

Tsono choopsa n'chakuti positala yolakwikayo simungaiitanitse kuti ibwerere. Mukakonza yanu, yomwe anthu anatumizirana kale ikhalabe momwemo m'mafoni mwawo. Mukatumiza yatsopano yofanana ndi yakale, mtundu womwewo, chithunzi chomwecho, munthu angoti iyi ndinaiona kale, osawerenga. Sinthani mtundu wonse, ndipo pamwamba penipeni lembani kuti "KUKONZA TSIKU: ndi Loweruka pa 14 Juni, osati pa 15". Anthu 5 amene alipirawo muwaimbire foni mmodzimmodzi lero lomwe. Musadalire kuti aona pa gulu.

Wophunzitsa kuphika:
Koma abambo, ndikalemba poyera kuti ndinalakwitsa, anthu sadzati mayiyu ngosalongosoka? Ndimaganiza zongosintha mwakachetechete.

Wosindikiza mapositala:
Mukasintha mwakachetechete kukhala mapositala awiri oyendayenda, ina 14 ina 15, ndipo palibe angadziwe yolondola. Munthu akakayikira tsiku salipira, amadikira. Ndiye taganizani wina atafika Lamlungu, epuloni m'chikwama, n'kupeza holo yokhoma. Ameneyo ndiye adzakunenani ponseponse.

Wa sitandi ya zokometsera chakudya:
Zimenezi zinandionekera pa chionetsero cha malonda chaka chatha, ngakhale zanga zinali za malo. Okonza chionetsero anandiuza pafoni kuti sitandi yanga ndi B14. Ndinathamanga kukasindikiza timapepala 500. Kutatsala masiku anayi anajambulanso mapu a holo, ine n'kupezeka ndili pa C3, kumapeto kwenikweni kuseri kwa chipilala. Pa B14 panali ogulitsa mapoto, ndipo anthu anga ankafika pamenepo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kupitirira. Ndinachezera usiku wonse kufufuta nambala ndi cholembera, koma timapepala toposa theka tinali titapita kale.

Chinanso, ndinalemba masiku onse asanu amene anali pa kalata, osazindikira kuti loyambalo linali lathu lokonza masitandi, anthu wamba saloledwa kulowa. Makasitomala anga awiri anabwezedwa pageti. Panopa nambala ya sitandi sindisindikiza mpaka nditalandira mapu omaliza olembedwa. Ndikafuna kusindikiza msanga ndimasiya kabokosi kopanda kanthu, n'kudzadinda nambala pambuyo. Ndimalembanso kuti pageti pali cholipira, chifukwa wina anandikalipira kuti ndinamubisira.

Mayi wa makeke:
Ine ndikuona kuti vuto ndi tsikulo. Loweruka anthu amatanganidwa ndi zapakhomo. Bwanji osangoisiya pa 15 pomwepo, poti positala yanena kale? Simuvutikanso n'kukonza.

Wophunzitsa kuphika:
Ayi achemwali, holo ndinapatsidwa Loweruka lokha, Lamlungu muli ena. Komanso positalayo ikunena zonse ziwiri, Loweruka ndi 15, ndiye kulikonse kumene ndingapite theka lake likhalabe lolakwika.

Koma nkhani ya C3 yandidzidzimutsa. Holoyo ndinangogwirizana ndi woyang'anira pakamwa. Ndipo ndangokumbukira kuti ili mkati mwa mpanda wa sukulu, geti lalikulu Loweruka amakhoma, anthu amalowera kageti kakumbuyo pafupi ndi thanki ya madzi. Pa positala ndinangolemba dzina la sukulu.

Wosindikiza mapositala:
Ndiye musatumize kanthu kaye. Pezani uthenga wolembedwa kuchokera kwa woyang'anira holo wonena tsiku, maola, ndi amene adzatsegule geti. Kukonza kamodzi anthu amakhululuka, kawiri amayamba kukayikira ngati kalasiyo ilipodi. Mukapita kumeneko mujambule kagetiko, muimenso pomwepo n'kutumiza malo a pa mapu kuchokera pafoni yanu. Mukangolemba dzina la sukulu mu Google Maps, nthawi zambiri ikulozerani pakati pa mpanda kapena geti lalikulu lokhomalo.

Tsopano za kufulumizitsa anthu. Ndikufunseni: ufa, yisiti ndi zina mugula liti?

Wophunzitsa kuphika:
Lachinayi pa 12. Lachisanu ndimayeza n'kugawa m'mapaketi a tebulo lililonse, ndipo mtanda wina ndimakanda madzulo kuti ugone, anthu adzaone kusiyana kwake. Sindingagule ndisanadziwe kuti anthu ndi angati.

Wosindikiza mapositala:
Basitu, tsiku lotsekera ndi limenelo: Lachitatu pa 11 Juni, 6 koloko madzulo. Ndipo chifukwa chake muchilembe. Munthu akawerenga kuti "fulumirani" amadziwa kuti aliyense wotsatsa amatero. Akawerenga kuti mauvuni ndi awiri ndipo zipangizo mugula Lachinayi m'mawa, amaona yekha kuti mayiyu alibe pomuika akachedwa. Ine ndikanalemba motere:

"KUKONZA TSIKU: ndi pa 14, osati pa 15.
Kalasi yophika buledi, Loweruka pa 14 Juni, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana.
Malo: holo ya sukulu (dzina lake lonse apa). Lowerani kageti kakumbuyo pafupi ndi thanki, geti lalikulu likhala lokhoma.
Anthu 12 okha chifukwa mauvuni ndi awiri. Pofika Lachisanu pa 6 Juni m'mawa, malo otsala ndi 7.
Kulembetsa kutha Lachitatu pa 11 Juni, 6 koloko madzulo, chifukwa zipangizo tigula Lachinayi. Malo ndi a amene walipira."

Onani kuti mulibe mawu akuti "mawa" kapena "Loweruka likubwerali". Uthenga wotumizidwa kwa wina umaonetsa nthawi imene wafika, osati imene munaulemba, ndiye "mawa" wanu wa Lachiwiri wina amuwerenga Lachinayi. Mwezi muulembe m'mawu. Mukalemba 6/7, wina awerenga 6 Julayi, wina 7 Juni. Nambala ya malo otsala iyende ndi tsiku lake, kuti ngakhale uthengawo utazungulira sabata yonse usasanduke bodza.

Wotsatsa malonda pa intaneti:
Zomveka abambo, koma 7 pa 12 ikuoneka ngati kalasi yosowa anthu. Bwanji awerengere 4 aja amene anati abwera? Atsala atatu, ndipo si bodza kwenikweni.

Wa sitandi ya zokometsera chakudya:
"Tibwera" sagula ufa, achimwene.

Wosindikiza mapositala:
Pali njira yoti 4 ajawo awerengedwe mwachilungamo. Amayi awalembere aliyense payekha kuti ndakusungirani malo mpaka Lolemba pa 9 masana, mukapanda kulipira ndipereka kwa ena. Pamenepo akhoza kulemba poyera kuti olipira ndi 5, osungiridwa mpaka Lolemba ndi 4, opanda mwini ndi atatu. Zonsezo n'zoona, ndipo 4 ajanso apeza chowathamangitsa.

Za "awiri okha" zija, vuto lake limaonekera m'kalasi momwemo. Wolipira mothamanga akalowa n'kupeza matebulo atatu opanda anthu, amawerenga yekha. Mwezi wamawa malo akadzatsaladi awiri, sadzakhulupirira, ndipo anzake adzawauza kuti musatekeseke, mayi aja amangotero.

Wotsatsa malonda pa intaneti:
Chabwino, imeneyo ndaimva. Koma ndionjezere pamene ndikudziwa: uthenga wautaliwo ndi wa m'magulu. Pa sitetasi ya WhatsApp zinthu zimachoka pakatha maola 24, ndiye nambala ya malo otsala ikani kumeneko m'mawa uliwonse, yakale izifa yokha. Pa positala yachithunzi musaikepo nambala yosinthasintha, muzingoti 12. Ndipo tsiku lotsekera mutumize kawiri, m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko. Ambiri amalipira maola omaliza.

Mayi wa makeke:
Nanga Lachitatu likafika ali ndi anthu 8 okha, wina n'kuimba Lachinayi masana ndalama zili m'manja? Amubweze? Ine sindingabweze ndalama pamene tebulo lili lopanda munthu.

Wosindikiza mapositala:
Ine ndikanamulemba pa kalasi yotsatira. Mukalandira mmodzi, zimamveka, ndipo tsiku lanu lotsekera silidzaopedwanso.

Wa sitandi ya zokometsera chakudya:
Apa sindikugwirizana nanu abambo. Ngati sanapite kukagula, chifukwa chotsekera sichinafike. Chimene sindingachite ndi kulengeza kuti "tawonjezera masiku".

Wophunzitsa kuphika:
Ndabwera kumene kuchokera ku holo. Woyang'anira wanditumizira uthenga, pa 14 ndi potsimikizika, koma akuti tituluke pofika 12:30 chifukwa 1 koloko kukubwera ena. Zikanakhala kuti ndatumiza kale, bwenzi ndikukonza kachiwiri. Ndasintha kuti tiyambe 8:30, ndipo 5 aja ndawaimbira. Awiri anali atalemba pa 15, mmodzi anapempha kale tchuthi cha Loweruka.

Za woimba Lachinayi sindinaganize bwino. Mwina ndigula zipangizo za tebulo limodzi lapadera, koma sindikudziwa ngati ndikatero chiganizo chija cha "chifukwa zipangizo tigula Lachinayi" chikhalabe choona. Achimwene a sitetasi, nambala ya mawa ndilembe 7 kapena ndidikire mayankho a anthu 4 aja?