Zaka 24 m'banja, koma tikukhala ngati anthu ongogawana lendi

A adimini ndibiseni dzina. Ndinakwatiwa mu 2001, ana atatu, womaliza wapita kusukulu yogonera chaka chino. Atangochoka m'pamene ndaona kuti ine ndi bambo akunyumba tilibe nkhani. Sandimenya, samwa, ndalama ya ndiwo amasiya. Koma akafika madzulo amasamba, kudya nsima maso ali pa foni, kenako kukagona atayang'ana kukhoma. Tikayankhulana ndiye kuti ndi fizi, mayunitsi a magetsi kapena maliro akumudzi. Kuchipinda patha miyezi 8. Dzulo ndadzipeza ndikucheza ndi mphaka kukhitchini. Ndiitane ankhoswe?

Mayi wa ku Ndirande: Miyezi 8? Achemwali, pali wina akudya pamenepo. Gwirani foniyo akamasamba.

Mwini funso: Foni ilibe loko, amangoonera za Maule. Ikakwana 6 koloko amakhala atafika pakhomo.

Mlangizi wa mabanja kumpingo: Ankhoswe adikire kaye mwanangu. Mwamuna akaona ankhoswe pakhonde amadziwa kuti pali mlandu, ndiye amayamba kudziteteza, osati kumasuka. Ngakhale mawu oti "tikhale pansi tikambirane" amawamva chimodzimodzi. Ambiri amatsegula pakamwa manja ali pa ntchito, osati mukuyang'anizana. Muwapemphe akuperekezeni kumsika wapansi, kapena mutonole chimanga limodzi. Musayambe ndi "simundiyankhula". Afunseni za mpirawo, kapena za kuntchito, ndipo akayankha mawu awiri okha musawadzudzule. Pakapita masabata awiri kapena atatu, nenani chimodzi chokha, chokhudza inuyo: "Chichokereni mwana ndimasungulumwa m'nyumba muno."

Koma za kuchipindazo zandigwira mtima. Ali ndi zaka zingati? Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafooketsa abambo, mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi nawonso amatero. Munthu zikamukanika kawiri katatu amayamba kuthawa ngakhale kugwirana dzanja, kuopa komwe zithere. Onani ngati akumwa madzi pafupipafupi ndi kudzuka kukakodza kangapo usiku. Mukayezetse nonse awiri, asaone ngati mwawaloza chala.

Mwini funso: Ali ndi 53. Kudzuka usiku amadzukadi, katatu mwina. Sindinaganizeko.

Mtsikana wa ku Area 25: Pitani ku Salima Loweruka, awiriwiri kunyanja, muvale zothina. Zitheka basi.

Mlangizi: Kunyanja n'kwabwino, koma mukapita musanayambe kucheza kunyumba, mukangokhala chete pamchenga mutalipira.

Bambo wa ku Zomba: Ine ndinakhala chete chaka chathunthu, akazi anga nkumaganiza zachibwenzi. Inali ngongole ya katapila, manyazi kuulula. Ndinanena tili m'munda tikupalira. Komabe mayi, funso langa: inuyo munasiya liti kuwafunsa za tsiku lawo? Akazi anga nkhani zonse ankapereka kwa ana.

Mwini funso: Bambo mwandilasa. Koma bwanji nthawi zonse woyamba azikhala ine? Nanenso ndatopa.