Za mchimwene wa sikoselo uja

Ndinakufunsani kuti: "Mchimwene wanga, wa matenda a magazi a sikoselo, chida chake chauma mowawa kwa maola 5 popanda chilakolako. Tidikire kuche?"

Abale anga a kuno ku Joni, zikomo potiuza kuti tisadikire. Tinathamangira naye kuchipatala usiku womwewo, akubuula mokumbatira mawondo. Dokotala anakoka ndi jakisoni magazi akuda bii, kenako anabaya mankhwala ofinya mitsempha, chida nkugona.

Dokotala anati pa matenda a sikoselo, maselo ofiira opindika ngati chikwakwa amatseka njira yotulukira magazi, ndiye otsekeredwawo amatha mpweya. Pakadutsa maola 4 muzikhala muli kuchipatala. Likatha tsiku, mphamvu zachimuna zitha kupitiratu.

Chikundiwawa nchakuti zinkamuchitikira mwakanthawi mbandakucha uliwonse, koma manyazi ankamutseka pakamwa. Nalo linali chenjezo.